Boma likafuna malo anu: mmene mungachitire kuti chipukuta misozi chisakupelereni

Choyamba dziwani kuti boma lili ndi mphamvu yotenga malo anu olo musakufuna, kaya ndi a makolo kaya a lizi, bola akhale a ntchito yothandiza anthu monga msewu, sukulu kapena mapolo a magetsi. Koma gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati akudziwitseni nthawi ilipo, akulipireni moyenera, ndipo muli ndi ufulu wopita kukhoti. Ndiye kukana sikuthandiza kwenikweni, nkhani yagona pa zomwe alembe pa fomu yowerengera katundu wanu.

Uthenga umabwera kudzera kukhonsolo ndi kwa amfumu, pamakhala msonkhano. Pitani, ndipo funsani tsiku lomwe atsekere kalembera, chifukwa chomwe mwamanga kapena kudzala tsikulo litadutsa salipira. Ndaonapo anthu kuno ku Kasungu akugula mbande za bulugama kwa mavenda nkudzala usiku, ndalama zinangolowa mmadzi. Komanso ngati ndi msewu waukulu ngati M1, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi a msewu kale, okala yomwe munamanga mmenemo musaiwerengere kwambiri.

Tsiku lofunika ndi lomwe owerengera katundu amabwera ndi tepi ndi kamera. Kwathu zinavuta pomwepa. Tinali ndi mango asanu okwatitsa kuseli kwa nyumba, obereka kale, koma mnyamata wolembayo anangoti mitengo isanu basi osatchula mtundu, ndiye inalowa gulu limodzi ndi mitengo ya nkhuni. Kusiyana kwake nkwakukulu chifukwa bulugama kapena malaina amaona kukula kwake ndi mtengo wa milimo kapena matabwa, pomwe wa zipatso amaona zomwe umabereka pachaka, mtengo wake pamsika, ndi zaka zomwe wina watsopano angatenge kuti ayambe kubereka. Tiyerekeze mango amodzi amakupatsani K40,000 pachaka ndipo awerengera zaka zisanu, ndi K200,000, isanu ija ndi K1,000,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mwaona kuti liwu limodzi losowa pa fomu likhoza kukudyerani ndalama ya feteleza wa munda onse.

Ndiye yendani nawo phazi ndi phazi. Muwauze kuti awa ndi mango okwatitsa, awa ndi maboloma, ili ndi phata la nthochi, ndipo muone ndi maso anu kuti alemba choncho. Dzulo lake mukhale mutalemba kale mndandanda wanu mukope nkujambula chilichonse pafoni. Anthu amakumbukira nyumba yaikulu nkuiwala chigafa cha fodya, nkhokwe, khola, bafa, chimbudzi, chitsime chapadimba ndi mpanda, zonsezitu zili ndi mtengo wake. Manda amakhala ndi ndondomeko yakeyake, atchuleni msanga kwa amfumu.

Nyumba amaiyeza mulitali ndi mulifupi nkuchulukitsa ndi mtengo wa sikweya mita malinga ndi zomangira. Ya mamita 8 kwa 6 ndi masikweya mita 48, ndiye akati mwachitsanzo K150,000 pa sikweya mita ikukwana K7,200,000. Ya njerwa zootcha, malata ndi simenti pansi singafanane ndi ya zidina yofolera udzu, onetsetsani kuti zomangirazo zalembedwa bwino. Funsaninso ngati akuchotsera kukalamba kwa nyumba kapena akupereka ndalama yomangira ina yatsopano, mapulojekiti a ndalama za mabanki akunja nthawi zambiri amatsata yachiwiriyi. Ndipo ndi mmene simenti ikukwereramu, mtengo owerengedwa chaka chino ukalipidwa patapita zaka ziwiri sumanganso nyumba yomweyo, muli ndi chifukwa chopempha kuti awerengenso.

Akabwera kudzakuonetsani ndalama musangoyang'ana nambala yapansi. Pemphani muone mzere ndi mzere, malo, nyumba, mitengo, mbewu, bizinesi ngati inalipo, ndi ndalama ya kusokonezedwa ndi kusamuka. Pomwe sipakugwirizana ndi kope lanu musasaine, lembani kalata ku komiti ya madandaulo kudzera kukhonsolo, ina musunge yodindidwa. Ife mango aja anadzawaonanso chifukwa tinali tisanadule, mukadula umboni wapita. Madobadoba omwe amati ndipatseni kangachepe ndikukwezereni mtengo asiyeni, dzina lanu likhoza kungolowa mmavuto.

Zotsalazo ndi zachidule. Dzina la pa fomu lifanane ndi la pa chitupa cha unzika, tsegulani akaunti kubanki, ngati malo ndi a banja gwirizanani kale wolandira amfumu ali pompo. Musagumule nyumba ndalama isanalowe, ndipo zikakanika kukomiti nkhani imapita kukhoti.