Kabokosi ka Chimfine: Zoyenera Kusunga Pakhomo Kuzizira Kusanafike

Mwezi wa Juni ukangolowa, mphepo ya mwera ndi fumbi zimabwera ndi chimfine, ndipo chikagwira mmodzi chimayendera nyumba yonse. Chimfine chimayamba ndi mavairasi ndipo kawirikawiri chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku khumi. Ntchito ya kabokosi kanu ndi kuchepetsa ululu wa wodwala komanso kukuuzani msanga ngati vutolo si chimfine chabe. Pezani kachigoba kovundikira bwino, mukaike pamalo ouma pomwe ana sangafikire.

Choyamba kulowamo chikhale themometa, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Gulani ya batire ku famase. Yagalasi ija ikasweka imataya mekyule, yemwe ndi poizoni. Dzanja la mayi pamphumi limadziwa kuti mwana watentha, koma silingatchule nambala, ndipo nambalayo ndiyo imakuuzani chochita. Pukutani m'khwapa kuti muume, ikani nsonga ya themometa pakati penipeni pokhudza khungu, panikizani mkono kuthupi mpaka italira. Ikaonetsa 37.5 kapena kupitirira, thupi latentha. Lembani nambala ndi nthawi yake papepala, mulisunge pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Apa ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri ndikamacheza ndi makolo. Kwathu kuno malungo amayamba ngati fuluwenza: mutu, kuphwanya m'thupi, kunjenjemera. Mamina pamphuno si umboni woti malungo palibe. Aliyense amene watentha thupi akayezetse magazi pasanathe maola 24, makamaka mwana wosakwana zaka zisanu ndi mayi woyembekezera. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Tiyerekeze mwana wa zaka zinayi, wolemera makilogalamu 16, wayamba kutsokomola ndipo madzulo themometa yaonetsa 38.6. Muvuleni juzi, asale ndi chovala chopepuka. Mpatseni theka la piritsi la panado la mamiligalamu 500, ndipo musabwereze pasanathe maola sikisi. Akadekha, kwezani malaya muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kupuma ka 40 kapena kuposa ndi chizindikiro cha chibayo. Kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ndi 50. Ngati akupuma bwino ndipo akumwa, agone, mukayezetse m'mawa. Koma ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuvuta kudzutsa, musadikire kuti kuche.

Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a panado, osapitirira asanu ndi atatu pa tsiku lonse. Werengani pa paketi ya mankhwala ena a chimfine a m'magolosale, chifukwa ambiri ali kale ndi palasitamo, yemwe ndi panado yemweyo. Kuphatikiza kumawononga chiwindi.

Thupi lotentha limataya madzi ambiri. Sungani mapaketi angapo a Thanzi ORS ndi botolo la lita imodzi. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo otsala pakatha maola 24 muwataye. Thanzi amafunika kwambiri ngati wodwala akutsekula m'mimba kapena kusanza. Masiku ena madzi, phala lamadzimadzi ndi msuzi zikwanira. Mpatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, ukutanthauza kuti madzi akuperewera. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lingoyamwa kawirikawiri, osalipatsa madzi kapena tiyi. Madzi ofunda a mandimu ndi uchi amafewetsa pakhosi, koma uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwanitsa chaka. Onjezani sopo ndi timipango toyera tominira.

Pali zina zomwe siziyenera kupezekamo. Amokisilini ndi bakitirimu sapha mavairasi. Kumwa makapisozi awiri atatu ogula pamsika kumangozoloweretsa tizilombo, mankhwalawo n'kudzalephera tsiku lomwe chibayo chafikadi. LA wotsala kwa wodwala wina asamwedwe popanda kuyezetsa. Asipirini musapatse mwana wosakwana zaka 16, chifukwa pa matenda a mavairasi angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo. Kufukiza ana ndi madzi owira pansi pa bulangete kwawotcha ambiri, ndipo sikuchiza chimfine. Mbaula yamakala m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wosanunkha womwe umapha anthu ali mtulo, choncho itulutseni musanagone.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati wodwala akuwonda kapena kutuluka thukuta usiku, akapereke makhololo kuchipatala kuti amuyeze chifuwa chachikulu. Amene ali ndi HIV apite msanga, osadikira masabata awiriwo.