Momwe mungalembere kalata ku MRA mukaona kuti asesimenti ya msonkho yalakwika

Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi kakampani kosoka mayunifolomu a sukulu ndi maovolosi kuno ku Zomba. Chaka chatha tinalandira chikalata cha MRA chowerengera msonkho, chomwe amati asesimenti, chonena kuti tili ndi ngongole ya msonkho ya K600,000, komanso chilango ndi chiwongoladzanja pamwamba pake, pomwe ife timadziwa kuti tinamaliza kulipira. Nkhaniyo inatha bwino, koma ndinangotsala pang'ono kuluza ndalamazo chifukwa cha sitepe imodzi yomwe ndinaitenga mopepuka. Ndikufotokozerani momwe ndinayendera.

Choyamba, lembani tsiku

Musanapse mtima, musanaimbire mlamu wanu woti amadziwa za misonkho, yang'anani tsiku lomwe lalembedwa pa chikalatacho. Lamulo limapereka masiku 30 oti munthu amene sakugwirizana ndi asesimenti alembe kalata yotsutsa kwa Komishonala Jenerale wa MRA. Ine ndimawerenga kuyambira tsiku lolembedwa pa pepalalo, osati tsiku lomwe ndaliona, kuopa kudzinamiza. Werengani masikuwo pa kalendala ya mu shopu, muzungulize tsiku lomaliza ndi cholembera chofiira. Kenako koperani pambali TPIN yanu, ija nambala yomwe MRA imakudziwirani ngati wokhoma msonkho, nambala ya asesimenti, mtundu wa msonkho ndi chaka chomwe akunena. Zinayi zimenezi zikalowa mu kalata iliyonse yomwe mulembe.

Chachiwiri, pezani pomwe manambala asiyana

Kalata yongoti "msonkhowu wachuluka, chonde tiganizireni" sithandiza. Ofisala akufuna mumulozere mzere womwe mukukana. Choncho lowani pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, muone zomwe zili pa akaunti yanu, muziyerekeze ndi mabuku anu mzere ndi mzere.

Kwa ife zinali chonchi. Chaka chimenecho tinagulitsa katundu wa K48,000,000 ndipo phindu linali K6,000,000. Kampani imakhoma 30 peresenti ya phindu, ndiye msonkho wathu unali K1,800,000. M'kati mwa chaka tinali titalipiriratu K900,000 pang'onopang'ono, miyezi itatu iliyonse. Yotsalayo inali yoti makasitomala athu anadula kale. Mukagulitsa katundu ku sukulu kapena ku bungwe, iwo amadula 3 peresenti asanakulipireni n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Sukulu ina inagula za K10,000,000, inadula K300,000. Bungwe lina linagula maovolosi a K20,000,000, linadula K600,000. Mukaphatikiza 900,000, 300,000 ndi 600,000 mupeza 1,800,000 ndendende.

Pa akaunti yathu, K300,000 ija imaoneka, koma K600,000 kunalibe. Apa ndinadziwa kuti sitikukangana pa phindu kapena pa peresenti, nkhani ndi ya ndalama imodzi yomwe inadulidwa koma sinafike pa dzina la kampani. Nditatulutsa setifiketi yomwe bungwelo linatipatsa, ndinapeza kuti TPIN yolembedwapo ndi yanga yakale, ya nthawi yomwe ndinkasoka ndekha tisanalembetse kampani. Mnyamata amene anatisindikizira mabuku a ma invoisi anangotenga dizaini yakale pa kompyuta yake n'kusintha dzina lokha, nambala n'kuisiya. Tinamusankha chifukwa anali wotchipa ndi K4,000 pa buku, ndipo palibe mwa ife anayang'anitsitsa. Wa ku akaunti ku bungwe kuja anangokopera zomwe anaona pa invoisi. Ngati munasindikiza mabuku posachedwa, kawaoneni lero lomwe.

Chachitatu, lembani kalata yofunsa

Makalata a ku maofesi a boma timalemba m'Chingerezi, ndipo tsamba limodzi likwana. Lemberani Komishonala Jenerale, kudzera ku ofesi ya MRA yomwe imasunga fayilo yanu. Likulu lili ku Msonkho House ku Blantyre, koma sikuti mpaka mupite kumeneko. Pa mutu wa kalata taipani mawu akuti Request for clarification, kenako dzina la bizinesi, TPIN, nambala ya asesimenti ndi chaka.

Ndime yoyamba ingonena kuti mwalandira asesimenti ya tsiku lakuti, yonena ndalama zakuti. Ndime yachiwiri ionetse masamu anu monga ndachitira pamwambapa, mpaka pomwe pali kusiyana. Kenako funsani mafunso oti munthu angayankhe ndi nambala kapena ndi inde ndi ayi. Ine ndinafunsa atatu. Kodi ndi ndalama zingati zodulidwa ndi makasitomala zomwe zawerengedwa pa asesimentiyi? Kodi K600,000 ya pa setifiketi nambala yakuti ikuoneka pa TPIN iti? Nanga ngati ili pa TPIN yakale, tibweretse chiyani kuti isamutsidwe? Funsaninso kuti chilango ndi chiwongoladzanja anawerengera kuyambira liti, chifukwa ngongole ikachoka mudzafuna kuti zimenezonso zichoke.

Musalembemo zoti bizinesi sikuyenda, nsalu yakwera mtengo, ana ali pa sukulu. Zonsezo n'zoona koma sizisintha masamu. Musanenenso kuti winawake akufuna kukuberani. Amene awerenge kalatayo ndi yemweyo mudzakhale naye pa desiki.

Kumbuyo kwake bayanipo mafotokope a asesimenti, ritani, fomu ija yofotokoza ndalama zomwe munapeza, yomwe munapereka, masetifiketi a ndalama zodulidwa, ma invoisi ake ndi sitetimenti ya ku banki yoonetsa kuti munalandira ndalama yoperewera. Sitetimentiyo ndi umboni wamphamvu: invoisi ikuti K20,000,000, ku banki kunalowa K19,400,000. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Ku banki amalipiritsa sitetimenti pa tsamba, ndiye pemphani ya mwezi womwe ndalamayo inalowa basi, osati ya chaka chonse ngati momwe ndinachitira ine.

Chachinayi, kaperekeni nokha ndipo kope yanu idindidwe

Apa ndi pomwe ndinapunthwa. Sabata imeneyo tinali ndi oda ya sukulu yoti ituluke sukulu zisanatsegulidwe, makina onse anayi akulira mpaka usiku. Mnzanga wina anandilozera bambo wina, mwa madobadoba omwe amapezeka pafupi ndi maofesi, woti amayendetsa mapepala. Anabwera atavala jekete, chikwama chakuda kukhwapa. "Bwana, musadzivutitse, ine ndimalowa pena paliponse. Pofika Lachisanu nkhani yatha," anatero. Ndinamupatsa envelopu ndi K25,000 ya mayendedwe.

Lachisanu linafika, akuti bwana wake wa nkhaniyo ali ku msonkhano. Sabata yotsatira akuti fayilo ikuyenda. Sabata yachitatu foni inayamba kungoitana. Ine mtima unali m'malo ndithu, poganiza kuti poti kalata inapita, masiku 30 aja anaima. Mayi a kunyumba ndi amene anandiumiriza. "Bambo a Chisomo, tsiku munazunguliza lija latsala masiku asanu ndi limodzi. Pepala losonyeza kuti analandira lili kuti?" Ndinalibe choyankha.

M'mawa mwake ndinapita ndekha. Mayi amene ndinawapeza pa desiki anafufuza m'buku lolembamo makalata obwera, anayang'ananso pa kompyuta, kalata yathu kunalibe. Sinafikeko n'komwe. Ndinatuluka thukuta m'manja. Kenako anandiuza chinthu chomwe sindinkachidziwa: ngakhale ikanafika, kalata yofunsa si kalata yotsutsa. "Bambo, kufunsa mutha kufunsa, ndipo tikuyankhani. Koma ngati mukukana asesimentiyi, lembani kuti mukuikana, masiku asanathe."

Mumvetse bwino pamenepa. Kalata yofunsa imangopempha kuti akufotokozereni, siimitsa masiku 30 aja, ndipo siimitsa chiwongoladzanja. Masikuwo akadutsa musanatsutse, asesimentiyo imakhazikika, ndipo kuti nkhani yanu imvedwe muyamba mwapempha kaye kuti akulandireni mochedwa, zomwe sizili m'manja mwanu. Kwa ife vuto lina linali la setifiketi yosonyeza kuti tilibe ngongole ya msonkho, ija amafuna pa matenda. Ngongole ikamaoneka pa akaunti setifiketiyo imavuta kutuluka, ndipo popanda iyo maoda a sukulu za boma tikanangowaonera patali.

Ndiye chitani chonchi. Sindikizani makope awiri. Kaperekeni nokha, kapena tumani wa pa ntchito panu amene abwerere tsiku lomwelo. Imodzi isiyeni, inayo aidinde sitampu yoonetsa tsiku, ndipo funsani mwaulemu dzina la ofisala amene akugwira fayilo yanu. Kope yodindidwayo ijambuleni pa foni musanatuluke pa geti. Ngati mwatumiza pa imelo, pemphani akuyankheni kuti alandira, koma ine ndimakondabe sitampu. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama pamanja kuti ngongole ifufutidwe, musiyeni. Msonkho timalipira ku banki kapena pa foni ndi nambala ya PRN yochokera pa Msonkho Online, osati m'chikwama cha munthu.

Chachisanu, masiku akamatha lembani yotsutsa

Lamulo langa tsopano ndi loti tsiku la 20 likafika yankho lolembedwa lisanabwere, ndimapereka kalata yotsutsa. Yankho la pakamwa kapena la pa foni sindiliwerengera. Kalatayo ndi yomwe ija, kungoti mutu wake ukhale Objection to assessment, ndipo m'malo mwa mafunso mulembe zifukwa: tikukana ndalama zakuti, chifukwa chakuti, umboni ndi uwu, tikupempha asesimenti ikonzedwe kufika pa ndalama zakuti. Lembani zifukwa zonse zomwe muli nazo nthawi imodzi. Ine ndinabwerera ku shopu, ndinataipa makalata onse awiri, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anali atadindidwa. Ngati pali gawo la ngongoleyo lomwe mukuvomereza, lipirani limenelo msanga kuti chiwongoladzanja chisakule.

Zotsalazo

Pitani kwa kasitomala amene analakwitsa nambala akulembereni kalata yovomereza ndipo akonze ku mbali yake. Wa ku akaunti wa ku bungwe kuja ndinamuyendera katatu. Muziyendera fayilo yanu sabata ziwiri zilizonse mutanyamula kope yodindidwa ija. Akakonza, pemphani asesimenti yatsopano yolembedwa, muonenso pa Msonkho Online ngati chilango chachokadi. Akakana, lamulo la 2021 linakhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a misonkho, koma pofika pamenepo pezani akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la maakauntanti la ICAM kapena loya. Yathu inathera pa ofesi pomwepo, K600,000 inasamutsidwa kupita pa TPIN ya kampani. Mabuku a ma invoisi asanu ndi awiri omwe anatsala ndinawadinda nambala yolondola ndi sitampu ya K6,000, tsamba ndi tsamba.