Momwe mungasovere ma indisesi ndi ma sadi a pa pepala lojambulidwa pa foni

Sabata yatha mwana wa achemwali anga, yemwe ali Fomu 3, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la masamu. Anajambula usiku, pepalalo lili pa mphasa, ndipo pakati pomwe linapindidwa panali mthunzi. “Amalume, nambala 4 yandikanika,” analemba choncho. Njira yomwe tinatsata ndi iyi, ndipo ingathandize aliyense amene akukonzekera mayeso a MSCE.

Musanayambe kusova, koperani funso lililonse mu kope. Ambiri amalumpha pamenepa, koma pa mutu uwu chithunzi chimanamiza. Ma indisesi, kapena kuti mapawa, ndi timanambala tating'ono tokhala pamwamba, ndipo kamzere ka mainasi kakhoza kubisika m'mthunzi. 4⁻² ndi 1/16 pomwe 4² ndi 16. Kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri, muonetsetsenso pomwe denga la sikweya ruti lathera. √3 + 1 ndi pafupifupi 2.732, koma √(3 + 1) ndi 2 basi. Ngati sizikuoneka, auzeni ajambulenso masana, pepala ataliwongola.

Malamulo a ma indisesi ndi ochepa. Nambala ya pansi, yomwe m'kalasi amati besi, ikakhala imodzimodzi, potaimusa mumaphatikiza mapawa: aᵐ × aⁿ = aᵐ⁺ⁿ. Pogawa mumachotsera: aᵐ ÷ aⁿ = aᵐ⁻ⁿ. Pawa ikakwera pa pawa inzake mumazitaimusa: (aᵐ)ⁿ = aᵐⁿ. Nambala iliyonse, kupatula 0, ikakhala ndi pawa 0 yankho ndi 1. Mainasi wa pa pawa amangotembenuza nambala kukhala fulakishoni, sachititsa yankho kukhala negetivu: a⁻ⁿ = 1/aⁿ. Pawa ikakhala fulakishoni, nambala ya pansi pa fulakishoniyo ikukuuzani ruti, ya pamwamba ndiyo pawa.

Funso loyamba pa pepala lija linali 8^(2/3) × 4^(−1/2), pomwe chizindikiro cha ^ chikusonyeza kuti chotsatiracho ndi pawa. Yambani ndi ruti kuti manambala akhale aang'ono. Kyubu ruti ya 8 ndi 2, ndipo 2² ndi 4. Mbali inayo, mainasi akutipatsa 1/4^(1/2), sikweya ruti ya 4 ndi 2, ndiye tapeza 1/2. Choncho 4 × 1/2 = 2.

Kuchoka apa kupita ku ma sadi ndi pafupi, chifukwa √a ndi a^(1/2) yomweyo. Sadi ndi ruti yomwe situluka nambala yathunthu kapena fulakishoni, monga √2, √3 ndi √5. Lamulo la mapawa likutiuza kuti a^(1/2) × a^(1/2) = a¹, kutanthauza kuti √a × √a = a. Ligwiritsitseni limeneli, zonse zotsatirazi zatsamira pomwepo.

Funso lachiwiri linali √50 + √18 − √8. Mu nambala iliyonse fufuzani sikweya yobisala. 50 ndi 25 × 2, ndiye √50 = 5√2. Chimodzimodzi √18 = 3√2 ndipo √8 = 2√2. Tsopano zonse ndi za mtundu umodzi, ziwerengeni ngati mbuzi za m'khola limodzi: 5 + 3 − 2, yankho 6√2. Chenjerani ndi kuphatikiza zamkati mwa ruti. √9 + √16 ndi 3 + 4 = 7, si √25 = 5 ayi.

Tifike pa kurashonalaiza dinomineta. Mawuwa ndi olemera koma ntchito yake ndi imodzi: kuchotsa ruti pansi pa fulakishoni popanda kusintha kukula kwa fulakishoniyo. Makakyuleta asanabwere, izi zinkapeputsa ntchito kwambiri. Yesani kugawa 1 ndi 1.414 pamanja, kenako mugawe 1.414 ndi 2. Yankho ndi limodzi, 0.707, koma njira yachiwiri ngakhale mwana wa ku pulaimale angaithe.

Funso lachitatu linali 6/√3. Dzifunseni kuti, √3 ndiitaimuse ndi chiyani kuti ruti ichoke? Ndi √3 inzake, popeza √3 × √3 = 3. Koma simungakhudze pansi pokha. Chomwe mwachita pansi muchitenso pamwamba, chifukwa √3/√3 ndi 1, ndipo kutaimusa ndi 1 sikusintha kanthu. Pamwamba pakhala 6√3, pansi 3. Gawani 6 ndi 3, yankho ndi 2√3. Ndaonapo ana akugawanso 3 wa mkati mwa ruti. Ameneyo musamukhudze, ali m'nyumba mwake.

Nambala 4, yomwe inamukanika mwana uja, inali 4/(3 − √5). Iye anachita zomwe zinatheka pa funso lachitatu, kutaimusa ndi √5. Pansi panatuluka 3√5 − 5. Ruti yachoka pa 5 n'kukakakamira pa 3. Anayesanso kutaimusa ndi (3 − √5) yomweyo, napeza 9 − 3√5 − 3√5 + 5, yomwe ndi 14 − 6√5. Ruti ikadalipo. Koma kulephera kwachiwiriku kukutilozera njira. Taonani mbali ziwiri zapakatizo: zonse zili ndi mainasi, n'chifukwa chake zikuunjikana. Imodzi itakhala ndi pulasi, zikhoza kudyana.

Ndiye sinthani chizindikiro chapakati chokha, mutaimuse ndi (3 + √5). Mnzake wotereyu amatchedwa konjugeti. Tiyende pang'onopang'ono ndi (3 − √5)(3 + √5):

3 × 3 = 9
3 × √5 = +3√5
−√5 × 3 = −3√5
−√5 × √5 = −5

Ziwiri zapakatizo zadyana, kwatsala 9 − 5 = 4. Ili ndi lamulo lomwe mumalidziwa kale pofakitoraiza: (a − b)(a + b) = a² − b². Pamwamba pali 4(3 + √5). Musathamangire kutsegula mabulaketi, yambani mwaona ngati chilipo chogawika. Apa 4 wapamwamba ndi 4 wapansi achotsana, yankho ndi 3 + √5.

Funso lomaliza linali ndi ruti pamwamba ndi pansi pomwe: (√3 + 1)/(√3 − 1). Konjugeti imachokera ku dinomineta nthawi zonse, choncho ndi (√3 + 1). Pansi: 3 − 1 = 2. Pamwamba ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa amalemba 3 + 1 n'kuiwala zapakati. Tsegulani mbali zonse zinayi: 3 + √3 + √3 + 1 = 4 + 2√3. Pogawa ndi 2, gawani mbali zonse ziwiri, osati 4 yekha. Yankho ndi 2 + √3.

Pepala lotumizidwa pa foni kawirikawiri limabwera lopanda mayankho, ndiye dziyeseni nokha ndi kakyuleta. Pa nambala 4, √5 ndi pafupifupi 2.236, choncho pansi pali 0.764, ndipo 4 ÷ 0.764 ndi pafupifupi 5.236. Yankho lathu, 3 + 2.236, ndi 5.236 yomweyo. Polemba mu kakyuleta musaiwale mabulaketi, lembani 4 ÷ (3 − √5), apo ayi igawa 4 ndi 3 yekha. Manambala awiriwo akasiyana, yambani mwayang'ana zizindikiro za pa konjugeti, kenako mubwerere ku chithunzi muone ngati munakopera bwino. Koma funso likati yankho lisiyidwe mu sadi, pa pepala lembani 3 + √5, osati 5.236.