Momwe mungalembere "sizoipa" kuti wowerenga amve kuti mukuyamikira

Ife amene timagula ndi kugulitsa nsomba kuno ku Mangochi tinazolowera kuyamikira mochepetsa. Usipa ukakhala wouma bwino, wowala, wopanda mchenga, munthu amautapa m'manja, n'kupukusa mutu, n'kunena mokoka mawu kuti, "Aaa, uwu ndiye siwoipa ayi." Aliyense amene ali pomwepo amamva kuti katunduyo ndi wapamwamba, chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zanena zimene mawuwo abisa. Vuto limayamba pamene mawu omwewo alembedwa pafoni, pomwe palibe nkhope kapena liwu.

Choyamba, sankhani mtundu wa mawu ochepetsa amene mukufuna, pakuti si onse amene ali ndi ngozi yofanana. Alipo ena amene anakhazikika kale m'chinenero, monga "anthu anabwera osati pang'ono", "mvula yake si yamasewera" kapena "si kukoma kwake!", ndipo awa ngakhale mutawalemba palibe amene angawamve mwina. Koma "sizoipa", "mwayesetsa" ndi "zilibwino" ali ndi matanthauzo awiri enieni: akhoza kukhala chiyamikiro chachikulu, akhozanso kutanthauza kuti chinthucho changopulumuka. Amenewa ndiwo ofunika kuwasamala.

Chachiwiri ndi kuyang'ana timawu tating'ono tozungulira mawuwo, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Panali mayi wina wa ku Makanjira amene ankanditumizira usipa pagalimoto, munthu wokhulupirika amene thumba lake linali lofanana pamwamba ndi pansi. Ulendo wina ananditumizira usipa wabwino kuposa masiku onse, ndipo pofuna kusunga mayunitsi ndinangolemba kuti, "Mayi, katundu wafika, siwoipa kwenikweni, koma tidzakambirana." M'mutu mwanga ndinali kumwetulira, ndipo zokambiranazo zinali zoti ndiwonjezere matumba. Iwo anawerenga kuti usipawo uli ndi vuto ndipo ndikufuna kutsitsa mtengo. Sanayankhe, ndipo katundu wa sabata yotsatira anapita kwa wina.

Nditauwerenganso uthengawo ndinaona kuti mayiwo sanalakwitse. Liwu loti "kwenikweni" likatsatira mawu okana limatsitsa chinthu: "siwoipa kwenikweni" ndiye kuti kuipa kulipo ndithu, kungoti n'kochepa. Kamphatikira "-ko" kamachitanso chimodzimodzi, moti "zili bwinoko" ndi mawu a munthu amene akuchira, osati amene wakondwa. Choopsa kwambiri ndi "koma", chifukwa wowerenga akangomuona pambuyo pa chiyamikiro amadziwa kuti dandaulo likubwera. Ine ndinaika ziwiri mwa zinthu zimenezi mumzere umodzi. Chotsani zonsezi, ndipo m'malo mwake ikani mawu okweza monga "ndiye", "ndithu" kapena "zedi" m'chiganizo chotsatira.

Chachitatu, ikani umboni pafupi pomwepo, chinthu chooneka chimene sichingamveke pawiri. Uthenga umene ndinayenera kulemba ndi uwu: "Mayi, usipa uwu ndiye siwoipa ayi! Thumba lonse latha isanakwane 10 koloko, ndipo anthu akufunsa wina. Munditumizire matumba awiri Lachisanu." Mawu ochepetsa akadalipo, kukoma kwake sikunatayike, koma thumba lotha ndi oda yatsopano zatseka njira ya tanthauzo linalo. Mawu owonjezerawo sadya ndalama yoti munthu n'kuidandaula, poyerekeza ndi phindu la sabata yonse limene ndinataya.

Ndionjezepo apa kuti mawuwa amadaliranso amene akuwanena. Wogula akati "sizoipa" nthawi zambiri akuyamikira, koma wogulitsa akanena choncho za katundu wake yemwe, mumve monga momwe mawuwo alili. Alipo ena amene amaika usipa wabwino pamwamba ndi wofumbwa pansi, ndipo mukawafunsa amayankha kuti "siwoipa" kuti mawa adzakane kuti sanalonjeze kanthu. Khuthulani thumbalo musanalipire.

Chachinayi, ganizirani amene akuwerenga. Kwathu kuno ambiri anakula akulankhula Chiyao pakhomo ndipo Chichewa amachidziwa bwino, komabe munthu amene simunachezepo naye nthawi yaitali sadziwa kalankhulidwe kanu, kaya chinenero chake n'chiti. Kwa apongozi, kwa amfumu kapena kwa aliyense wamkulu amene wakuchitirani chinthu, yambani ndi "zikomo kwambiri, mwagwira ntchito yotamandika", mawu ochepetsawo abwere pambuyo ngati mukuwafunabe.

Pomaliza, werengani uthengawo mokweza ndi liwu louma, lopanda kumwetulira. Ngati ukumveka ngati dandaulo, ukonzeni, kapena jambulani mawu pa WhatsApp kuti liwu lanu lipite nawo. Pankhani za ngongole, za muyeso wa katundu ndi za odwala, musachepetse mawu n'komwe. Lembani nambala ndi mmene zinthu zilili.