Mjigo ukutulutsa madzi pang'ono? Yesani kawiri musanamasule nati

Sabata yatha ndinaitanidwa kumudzi wina mbali ya ku Mitundu, a komiti ya mjigo anali atagwirizana kale kuti banja lililonse lisonkhe ndalama zogulira silinda yatsopano, chipangizo cha pansi pa mjigo chomwe chimakoka madzi, poti mjigo watha mphamvu. Nditafika ndinapeza zigubu zandanda mpaka kumpanda wa dimba, mayi wina akupopa thukuta lili kamukamu koma kumpopi kukungotuluka kamadzi kowonda ngati chala. Ndinawapempha a tcheya kuti nkhani ya zosonkhayo ayiimike kaye, andipatse ndowa ya malita 20 ndi munthu wa foni yowerenga nthawi. Mjigo wawo ndi Afiridevu, womwe ndi wofala m'midzi ya kuno ku Lilongwe, ndipo mjigo umenewu unapangidwa dala kuti tizipangizo tomwe timatha msanga tizituluka ndi ma rodi, zitsulo zazitali zochokera ku handulo kutsikira pansi, osazula mapaipi. Ndiye kuthamangira silinda musanaone timalabala tija ndi kutaya ndalama za anthu.

Kuyesa koyamba nkwa kuchuluka kwa madzi. Popani mpaka madzi ayambe kutuluka bwinobwino, kenako tcherani ndowa yopanda kanthu nkupopa ka 40 mu mphindi imodzi, koma kupopa kwake kokwana, handulo izifika m'mwamba ndi pansi, osati kugwedeza pang'onopang'ono ngati mmene amachitira ana. Silinda ya Afiridevu mkati mwake ndi mamilimita 50 ndipo pulanja, kachipangizo kokweza madzi mkati mwa silindayo, imayenda mamilimita 225, ndiye mjigo wabwino ukapopa ka 40 umapereka malita cha m'ma 16, ndowa ija imatsala pang'ono kudzaza. Mukapeza ochepera 15 dziwani kuti china chayamba kutha, akafika pansi pa 10 basi musadikirenso. Ku Mitundu kuja tinapeza malita 7, tinabwereza ndi mnyamata wina wamphamvu zake poti ena ankati vuto ndi wopopa, anatuluka 7 yemweyo.

Kuyesa kwachiwiri nkofuna kudziwa ngati madzi akuthawa m'mapaipi mjigo ukaima. Apa chovuta si mjigo koma anthu, chifukwa mufunika kuti pasapezeke wogwira handulo kwa mphindi 30, ndipo pamzere wa zigubu mawu amenewa samveka bwino, ndiye afotokozereni kaye amayi chifukwa chake. Zikatha mphindizo popani mukuwerenga mpaka madzi atuluke. Kukhala bwino atuluke musanapitirire ka 5. Ife tinawerenga mpaka 18, ndipo mayi wina anati "Alangizi, mmawa ndiye timapopa mpaka mikono kuwawa asanabwere." Mawu amenewa ndi umboni wokwanira kale, usiku wonse madzi amakhala akutsika kubwerera pansi.

Chifukwa chomwe ndimalimbikira kuyesa kawiri ndi ichi. Pansi paja pali zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana. Pulanja ndi yomwe imakwera ndi kutsika, ili ndi labala yozungulira yomwe timati yusilo, ntchito yake kugwira khoma la silinda kuti pulanja ikamakwera inyamule madzi onse ali pamwamba pake. Yusilo ikaperepeseka madzi amazemba m'mbali kubwerera pansi, handulo imapepuka, ndipo mudzaona kuti wopopa mwachangu akupezako madzi pomwe agogo opopa modekha sakupeza kanthu. Futivavu ndiyo ili pansi penipeni pa silinda, siyenda, imangolola madzi kulowa nkuwakaniza kubwerera. Ikamadontha madzi amachedwa kubwera mjigo ukapumula, koma akayamba amatuluka bwinoko ndithu. Ndiye malita a mu ndowa akachepa ganizani za pulanja, madzi akachedwa ganizani za futivavu kapena paipi yong'aluka. Ku Mitundu kuja zonse ziwiri zinalephera.

Musanatsegule konzani malo. Pezani matabwa kapena mitengo iwiri yoyera yogoneka ma rodi kuti asakhudze dothi, ndowa ya madzi a kulolini yotsukira, sipanala ya 24 yomwe inabwera ndi mjigo, chowedzera futivavu, ndi anthu atatu osamba m'manja. Ziweto ndi ana akhale patali, kamwala kamodzi kakagwera mu paipi kakakhala pa bobini, kalabala kotsegula ndi kutseka njira ya madzi mu pulanja ndi mu futivavu, ntchito yonse yabwerera poyambira.

Masulani bauti ya chivindikiro nkuchichotsa. Masulani pang'ono manati a pini ya hang'ala, ija yogwira rodi yoyamba, ndi a pini yaikulu yomwe handulo imazungulirapo, osawachotseratu. Tsitsani handulo pansi kuti hang'ala ikwere, lowetsani mchira wa sipanala pa kabowo ka pamwamba pa hang'ala, kenako kwezani handulo pang'onopang'ono mpaka sipanala ikhale pa mutu wa mjigo itanyamula ma rodi onse. Apo ndiye mutha kusolola handulo. Ma bushi apulasitiki ali pa mapini aja aonenitu pomwepo, ngati handulo imagwedera cham'mbali ndiye kuti atha.

Tsopano kokani ma rodi, iliyonse ndi yotalika pafupifupi mamita 3 ndipo amakolana ndi mbedza ndi diso. Lamulo langa ndi limodzi, wogwira rodi ya m'munsi sasiya ngakhale wapamwamba atakolola yake, mpaka mnzake atagwira rodiyo nkunena kuti ndagwira, ndipo anene mokweza. Ndinaonapo ma rodi asanu ndi limodzi akutsetserekera pansi chifukwa aliyense ankayesa kuti mnzake wagwira, tsiku lonse linathera kuwedza. Agonekeni motsatana mmene atulukira, yoyamba ibwerere poyamba chifukwa ndi yodulidwa molingana ndi mjigowo. Ku Mitundu tinatulutsa ma rodi 9, kusonyeza kuti silinda ili cha pa mamita 27, ndipo ma sentolaiza atatu, timalabala toteteza rodi kuti isakhule paipi, anali atadyeka mbali imodzi.

Pulanja itatuluka ndinaipereka kwa a tcheya kuti aone okha. Mlomo wa yusilo womwe umayenera kutukuka kunja unali utasalala kufanana ndi thupi la pulanja, ndipo penapake unali utang'ambika kotha kulowetsa chikhadabo. Ndinakankhanso bobini ya mkati mwa pulanja, chifukwa nayo ikapanda kutseka bwino imaonetsa zizindikiro zofanana ndi yusilo yotha, koma iyo inali bwino.

Musathamangire kuwedza futivavu, pali kuyesa kwina kosavuta komwe ambiri amakudumpha. Ma rodi ali kunja choncho, thirani madzi oyera mu paipi mpaka adzaze nkuyang'anitsitsa ndi tochi. Akangokhala phee, futivavu ndi mapaipi zili bwino. Akatsika nkukaima penapake chapafupi, ndiye kuti paipi ili ndi bowo kapena joini yasiya pamalo amenewo, ndipo kusintha timalabala sikuthandiza. Akamangotsikabe osaima, kaoneni futivavu. Athu anatsika mpaka tochi inaleka kuwaona.

Chowedzera chimalowa m'malo mwa pulanja pa rodi yomaliza, mumatsitsanso ma rodi onse, mukamva kuti chagunda mumapotoza pang'ono mpaka chikole, nkukoka mwamphamvu kamodzi. Ikazuka mumamva madzi onse a mu paipi akukhuthukira pansi, musadabwe. Mijigo ina yatsopano kawedzedwe kake nkosiyanako, pulanja yomwe ndi imene imapotokera pa futivavu, ndiye yang'anani kumunsi kwa pulanja yanu musanayambe kusaka chowedzera mudzi wonse. Pa futivavu pali zinthu ziwiri zoona, bobini ya mkati ndi oringi ya kunja yomwe imatseka pomwe futivavu yakhala. Yathu oringi inali itaphwatalala ndi kuuma, ndipo pakamwa pomwe bobini imakhala panali mchenga wopanga kamzere. Njira yachidule yoyesera bobini ndi kuimika futivavu nkuthira madzi pamwamba, akamadontha kunsi sinthani.

Pogula zatsopano, kaya ku Malangalanga kaya kwa wogulitsa zipangizo za mijigo patiredi ya kwanu, nyamulani zakalezo m'thumba. Pulanja ya pulasitiki ndi ya bulasi sizivala labala yofanana, ina ndi yusilo yopyapyala ina ndi kapusilo yokulirapo, ndipo wogulitsa sangadziwe zomwe zili pansi pa mjigo wanu. Ipindeni pang'ono musanalipire, labala yokhalitsa padzuwa imaonetsa timing'alu.

Povala yatsopano chotsani yakale ndi chinthu chosathwa kuti musakande mphako yake, tsukani mphakoyo, nyowetsani yusilo ndi madzi nkuikankha ndi zala. Girisi kapena oyilo ayi, amenewa ndi madzi akumwa. Apa ndiye mvetsetsani, milomo ya yusilo iyang'ane kumwamba, kumbali ya ma rodi. Madzi akailemera kuchokera pamwamba milomo ija imatambasuka nkugwira khoma, mukaitembenuza madzi omwewo amaipinda nkudutsa, mjigo umatuluka woipa kuposa kale ndipo anthu amayamba kunena kuti mwagula feki. Zungulizani chala kuona kuti yakhala monse osapotoka. Oringi nayo chimodzimodzi, isapiringizike.

Pobwezera tsukani chilichonse m'madzi a kulolini. Futivavu imayamba, mbali yokolera chowedzera ili kumwamba, kenako pulanja ndi ma rodi motsatana, ndipo mukafika pansi kanikizani ma rodi kuti futivavu ilowe m'malo mwake, mumamva ndithu ikakhala. Mukapanda kutero mjigo uzingopopa osasunga madzi. Bwezerani handulo, mangani manati, popani mpaka madzi ayere ndi fungo la kulolini lithe anthu asanatunge. Poyamba mupopa kambiri chifukwa paipi yonse ilibe kanthu.

Tinayambanso kuyesa kuja pamaso pa onse. Ka 40 kanapereka malita 16, ndipo titadikira mphindi 30 madzi anatuluka pa kupopa kwachiwiri. Zomwe zinagulidwa ndi yusilo, oringi, bobini imodzi ndi ma sentolaiza atatu, ntchito yonse maola awiri ndi theka.

Pali pomwe komiti iyenera kulekera nkuitana makaniko wa dera. Yusilo yatsopano ikatha pa masabata ochepa, ndiye kuti bulasi ya mkati mwa silinda yakandika kapena mjigo ukukoka mchenga, siyani ndowa ikhazikike muone pansi pake. Paipi yong'aluka nayonso imafuna kuzula mapaipi onse, si ya anthu atatu. Ndipo mu Okutobala ndi Novembala samalani, mjigo ukamapereka bwino mmawa nkuyamba kulavula mpweya masana, kenako nkubwerera ukapumula, timalabala tilibe mlandu, ndi madzi apansi atsika kufika pa silinda. A komiti ya ku Mitundu ndinawasiyira kuti aziyesa ndowa ija Loweruka loyamba la mwezi uliwonse nkulemba malita mu kope la msungichuma, ndipo yusilo, oringi ndi mabobini ena agulirenetu asunge mu kachitini kotseka m'nyumba mosafika dzuwa, azisintha chaka chisanathe.