Kulemba za batire pogulitsa foni yakale

"Ogula akungondifunsa za batire foni iliyonse ndikayika pa malonda. Ndilembe bwanji kuti asafunsenso?"

Musalembe kuti "batire ili bwino", chifukwa mawu amenewo sauza munthu kanthu. Lembani nambala.

Choyamba, ngati ndi iPhone, lowani pa Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, muwerenge Maximum Capacity, nambala yosonyeza moto umene batire ingasunge poyerekeza ndi pamene inali yatsopano. Ikasonyeza 84%, lembani 84% yomweyo. Ikatsika pansi pa 80%, nenani poyera kuti batire yatopa ndipo ifunika kusintha posachedwa.

Mafoni ambiri a Android sasonyeza nambala imeneyi, choncho yesani nokha. Tchajani mpaka 100%, ikani kuwala kwa sikirini pakati, onetsani vidiyo kwa ola limodzi, muone yatsala pati. Foni yongozima yokha ili pa 20% musaibisire wogula, adzaibweza sabata isanathe.

Mukatero lembani chonchi: "Batire 84%, sinasinthidwepo. Itaonetsa vidiyo kwa ola limodzi inatsika kuchoka pa 100% kufika pa 88%. Tchaja palibe."

Jambulaninso sikirini yosonyeza nambalayo, chithunzicho chikhale chachiwiri pa zithunzi za foniyo, kuti wogula achione asanaganize zofunsa.