Momwe mungalipilire fizi ya ku yunivesite pa foni osataya ndalama

Ife a kumunsi kuno, Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka Chikwawa boma, kukwera minibasi kudutsa Thabwa kukafola pa banki ku Blantyre kumangodya ndalama ya thiransipoti yomwe ikanakhala ya ndiwo ku sukulu. Fizi imatheka kulipira pa foni, ine ndinayamba semesita yapitayi, ndiye nazi zomwe mukuyenera kuchita.

Choyamba pezani akaunti kapena nambala yolipilira kuchokera ku sukulu kwenikweniko, pa kalata yomwe anakupatsani kapena ku ofesi ya za ndalama. Osatenga nambala ya pa gulupu, makamaka uthenga uja woti "akaunti yasintha lipirani pa iyi", mbava zimadziwa nthawi yotsegulira sukulu. Funsaninso ngati sukulu yanu imalandira ndalama ya pa foni, zina zimafuna ya pa banki yokha.

Kenako ndalama ilowe mu foni YANU, mu simu yolembetsedwa ndi chitupa chanu. Pitani kwa ejenti m'mawa floti isanathe komanso dzuwa lathu lija lisanayambe kuwotcha. Kuika ndalama mu foni ndi kwaulere, ejenti akati muwonjezere kenakake pitani kwa wina. Ndipo musalole zoti "bweretsani ndikutumizileni pa foni yanga", mawa vuto likabwera umboni onse uli kwa iyeyo. Ikani yopitilirako pang'ono chifukwa potumiza amadula, tinene fizi ndi K300,000, musaike K300,000 ndendende, ikana. Foni ilinso ndi malire a ndalama yomwe ingasunge kapena kutumiza pa tsiku, mufunse ejenti musanamupatse, ikapitilira mulipira kawiri masiku osiyana.

Musanaimbe kodi yotsegulira menyu ya ndalama pa foni lembani papepala zinthu zitatu, nambala yolipilira, nambala yanu ya sukulu ndi ndalama yake. Menyu imeneyi sidikira, mukachedwa kufufuza nambala imatseka nokha nkuyambiranso. Airtel Money ndi *211#, Mpamba ndi *444#, amene muli ndi akaunti ku National Bank ndi *626#, bandulo sifunika. Sankhani zolipira kapena zotumiza ku banki kutengera zomwe sukulu inanena. Pomwe palembedwa Reference mulembe nambala ya sukulu osati dzina, a Banda ndi ambiri. Musanaike PIN werengani dzina lomwe latuluka ndipo muwerenge maziro, K30,000 ndi K300,000 zimafanana maso akatopa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Ine ndinachitira zonsezi pa kawindo ka ejenti ku Nchalo, kunali kutha kwa mwezi anthu a ku mizimbe atalandira, mzere utafika ku msewu. Ndaika PIN, foni yangoti zii, uthenga osabwera. Kumbuyo anthu ayamba, "mwana iwe tasuntha apo", bambo ena akuti "ingotumizanso netiweki yavuta imeneyo", thukuta lili kamukamu manja akunjenjemera, mmenemo ndalama yake ndi ya mbuzi zomwe mayi anagulitsa. Chala chinali chitayamba kale kulembanso kodi. Amayi ena achikulire omwe anali pambuyo panga ndi amene anati "mwanangu ima pambali uwone kaye ndalama yatsala zingati". Nditaona balansi ndalama inali itachoka kale, uthenga unadzafika ndili pa kabaza kubwerera kunyumba.

Ndiye uthenga ukachedwa MUSATUMIZENSO. Onani balansi. Ngati yatsika ndiye kuti ndalama yapita, dikirani uthenga kapena onani mndandanda wa zomwe mwachita posachedwa mu menyu momwemo. Ngati sinatsike dikiranibe mphindi zingapo muonenso, nthawi zina imachoka mochedwa. Amene anaika ndalama ya fizi ndi ya lendi pamodzi ndi amene amapweteka apa, chifukwa kachiwiri kamadutsa bwinobwino ndipo kuti ndalama yowonjezerayo ibwerere pamafunika makalata ndi kuyendera, mwinanso angokuuzani kuti ikhala ya semesita yamawa pomwe alandilodi akukudikirani. Komanso palibe chokukakamizani kulipilira pa kawindo, ndalama ikalowa mu foni ntchito ya ejenti yatha, chokani pa mzere mukakhale pamthunzi muchite modekha, PIN yanunso anthu saiona.

Uthenga ukafika musaufufute, muli Transaction ID yomwe ndi risiti yanu. Ilembeni mu kope, jambulani sikirini mutumizire m'bale wanu chifukwa foni zimabedwa. Kenako tumizani umboniwo ku ofesi ya za ndalama mmene iwo amafunira, ena amafuna pa imelo ena muupirinte. Pakapita masiku angapo onani pa potolo ngati ngongole yatsika, ikapanda kutsika pitani ndi Transaction ID ija kulembetsa kusanatsekedwe.